Chimbudzi chakuda ngati phula koma m'mimba simukupweteka: tidikire kodi?

"Bambo anga ali ndi zaka 63. Kuyambira dzulo apita kuchimbudzi katatu, ndipo akuti zikutuluka zakuda bii ngati phula, zonanda, fungo lake losapiririka. M'mimba simukuwapweteka, sanasanze, kungoti akaimirira akumva chizungulire. Kwa masabata atatu akhala akumwa daikulofenaki chifukwa cha mawondo, komanso amamwa kaasipirini kakang'ono tsiku lililonse. Iwo akuti ndi zomwe anadya basi. Kodi tingadikire tsiku lawo la kuchipatala sabata yamawa?"

Musadikire. Pitani nawo kuchipatala lero lomwe, ngakhale kutakhala kuti kwada, ndipo mukafikire kolandirira odwala mwadzidzidzi. Ngati mukuwerenga izi bambo adakali pakhomo, werengani ndime ino ndi yotsatirayi, zinazo mukamalizira kuchipatala. Zimene mwafotokozazi ndi zizindikiro za magazi amene akutayika m'chifu kapena koyambira kwa matumbo, ndipo chizungulire chija chikusonyeza kuti magazi omwe atayika kale si ochepa.

Asamwenso daikulofenaki kapena mankhwala ena aliwonse oletsa ululu a mtundu umenewo monga bulufeni ndi indometasini, ndipo asipirini wotsatira asamwe kufikira adokotala atawaona. Musawapatse chakudya kapena chakumwa, chifukwa kuchipatala angafune kuwaunika m'chifu, ndipo chifu chodzaza chimabisa pomwe pakutuluka magazi. Asayendetse okha galimoto kapena njinga, asayendenso mtunda wapansi. Panjira agone, ndipo akayamba kusanza muwagoneke cham'mbali kuti masanzi asalowe m'mapapo. Tengani mankhwala onse amene akumwa ndi mapaketi ake omwe, kuphatikizapo ogula okha ndi azitsamba. Ngati n'kotheka jambulani chimbudzicho pafoni. Mukafika, mawu oyamba kunena kwa anamwino akhale awa: chimbudzi chakuda ngati phula katatu, chizungulire akaimirira, akumwa daikulofenaki ndi asipirini. Wogwira ntchito kuchipatala aliyense akamva zitatuzi pamodzi amadziwa kuti munthuyu si woima pamzere.

Anthu ambiri amavutika kukhulupirira kuti chinthu chakuda chonchi chingakhale magazi, poti magazi timawadziwa ndi kufiira. Koma magazi akatayikira m'chifu amakumana ndi asidi ndi timadzi togaya chakudya, kenako n'kuyenda maola angapo m'matumbo momwe muli mabakiteriya. Paulendo wonsewo amagayidwa monga mmene chakudya chimagayidwira, ndipo chofiiritsa magazi chija, himogulobini, chimasanduka chakuda. N'chifukwa chake kudako kumatiuzanso komwe kuli vuto. Nthawi zambiri magaziwo amakhala atachokera kumtunda: m'njira ya chakudya yotsika kuchokera kummero, m'chifu, kapena m'chigawo choyamba cha matumbo aang'ono. Magazi ochokera kumunsi, pafupi ndi kotulukira chimbudzi, sapeza nthawi yosintha mtundu, ndiye amatuluka ofiira.

Magazi okwana mililita 50 mpaka 100 ndi okwanira kudetsa chimbudzi. Izi zikutanthauza kuti kuda kokhako sikutiuza kuchuluka kwa magazi otayika. Chomwe chandikhudza m'funso lanu n'chakuti apita katatu m'maola ochepa chonchi. Magazi akachuluka m'matumbo amatsekula m'mimba, choncho chimbudzi chakuda chobwera pafupipafupi, chofewa kapena chamadzimadzi, nthawi zambiri chimasonyeza kuti magazi ndi ambiri kapena akadatulukabe.

Bambo akunena zoona kuti zilipo zinthu zina zodetsa chimbudzi. Mapiritsi a ayironi, aja owonjezera magazi, ndiwo amatsogola. Palinso mankhwala ena a m'mimba okhala ndi bisimafi, makala a mankhwala, komanso zakudya zina za mtundu wakuda kwambiri. Koma kusiyana kwake kumaoneka. Chimbudzi cha ayironi chimakhala chakuda mobiriwira kapena motuwa, chouma bwino, nthawi zina cholimba kumene, ndipo fungo lake silisiyana kwenikweni ndi la masiku onse. Cha magazi chimakhala chakuda monyezimira, chimamatirira, sichichoka msanga ngakhale muthire madzi, ndipo fungo lake ndi lamphamvu, la zinthu zowola, loti amene analimvapo kamodzi saliiwala. Chachikulu kuposa zonsezi n'chakuti chakudya chodetsa chimbudzi sichimuchititsa munthu chizungulire akaimirira. Ndionjezerepo ichi: ngakhale munthu amene akumwa ayironi akhoza kutaya magazi m'mimba. Chimbudzi chake chikasintha n'kukhala chonanda, iye n'kumafooka, asanamizire mapiritsiwo.

Chimene chimanyenga mabanja ambiri, ndipo ndikuona kuti chakunyengani inunso pang'ono, ndi kusamva kupweteka. Tinazolowera kuti zilonda za m'mimba zimawotcha pachifuwa kapena kuluma chapamchombo, ndiye munthu akati m'mimba muli phee timaganiza kuti mulibe chilonda. Zilonda zobwera ndi mankhwala oletsa ululu nthawi zambiri siziwawa, makamaka kwa achikulire, ndipo kwa ambiri chizindikiro choyamba chimakhala magazi omwewo.

Zimachitika motere. Chifu chimapanga asidi wamphamvu, koma sichidzigaya chokha chifukwa khoma lake limakutidwa ndi madzi onanda oteteza, komanso limalandira magazi ambiri amene amakonza msanga palipose pomwe pakhulika. Chitetezo chimenechi chimadalira timichere tina totchedwa pulositagilandini. Timichere ta mtundu womwewo ndi timene timabweretsa ululu ndi kutupa m'bondo. Daikulofenaki, bulufeni, indometasini ndi asipirini amaletsa ululu potseka kapangidwe ka timichereti, koma sasankha malo: akatseka m'bondo atsekanso m'chifu. Pakapita masiku kapena masabata khoma la chifu limatsala pambalambanda, asidi n'kuyamba kulidya mpaka kufika pamtsempha wa magazi. Ululu umene ukanachenjeza mwiniwake ukuphimbidwa ndi mankhwala omwewo. Asipirini amawonjezera vuto lachiwiri. Ngakhale kapiritsi kakang'ono ka mamiligalamu 75 kamafooketsa timaselo tothandiza magazi kuundana, ndipo mphamvu imeneyi imakhalabe kwa pafupifupi sabata munthu atasiya kumwa. Mankhwala amodzi akukumba chilonda, enawo akuletsa chilondacho kutseka. Munthu wopitirira zaka 60 amene akumwa awiriwa pamodzi, popanda mankhwala oteteza chifu, ali m'gulu la anthu omwe timawadera nkhawa kwambiri. Ngozi imakula koposa ngati akumwanso mankhwala oletsa magazi kuundana monga wafarini ndi kulopidogirelo, kapena mankhwala ochepetsa kutupa otchedwa puredinisoloni.

Tsopano za chizungulire, chomwe kwa ine ndi mawu olemera kwambiri m'kalata yanu yonse. Munthu wamkulu amakhala ndi magazi pafupifupi mililita 70 pa kilogalamu iliyonse ya kulemera kwake. Tiyerekeze kuti bambo amalemera makilogalamu 60: ndiye kuti ali ndi malita 4 ndi pang'ono. Akataya theka la lita, thupi limabisa. Mitsempha ya m'manja, m'miyendo ndi pakhungu imafinyika kuti magazi otsalawo apite ku ubongo ndi ku mtima, ndipo munthuyo amayankhula, kuseka ngakhale kukana kupita kuchipatala. Magazi otayika akayandikira lita imodzi, mtima umayamba kugunda kopitirira ka 100 pa mphindi, manja amazizira, ndipo akaimirira magazi sakwanira kukwera kumutu, m'maso n'kuchita mdima. Pamenepa makina oyezera kuthamanga kwa magazi akhoza kusonyezabe manambala abwino munthuyo ali chigonere. Manambalawo amadzatsika mochedwa, magazi otayika atafika pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a magazi onse, ndipo akayamba kutsika zinthu zimasintha mofulumira kwambiri. Choncho ngati muli ndi kamakina koyezera kunyumba ndipo kasonyeza 120 ndi 70, musakhazike mtima pansi chifukwa cha zimenezo.

Ikani zala ziwiri pamkono wawo, chakumunsi kwa chala chachikulu, muwerenge kugunda kwa mtima kwa mphindi imodzi ali chigonere. Kopitirira ka 100 ndi chenjezo. Koma ngati amamwa mankhwala ochepetsa liwiro la mtima monga atenololo kapena puropuranololo, mtima sungathamange ngakhale magazi atatayika ambiri, ndiye nambala yotsika isakunamizeni. Onaninso m'manja ndi mkati mwa chikope cha m'munsi ngati mwayera. Thukuta lozizira, ludzu lalikulu, phuma, kupweteka pachifuwa, kusakodza kwa maola ambiri, kubalalika mutu kapena kukomoka, chilichonse mwa izi chikutanthauza kuti muitane ambulansi kapena galimoto yapafupi pompano. Kuyeza kumeneku ndi kongokuthandizani kudziwa liwiro loyenera kunyamukira. Kupita kokhako kwatsimikizika kale.

Mwati sanasanze, ndipo zimenezi sizichepetsa vuto. Chilonda chikakhala koyambira kwa matumbo, kupitirira khomo lotulukira m'chifu, magazi amangotsika osabwerera kukamwa. Koma akhoza kusanza panjira, choncho dziwani choyang'ana. Magazi amene akhalitsa m'chifu amatuluka ofiirira chakuda, okhala ndi timibulu ting'onoting'ono, zimene madokotala amaziyerekeza ndi zotsalira za khofi pansi pa kapu. Anthu ambiri sazindikira kuti amenewa ndi magazi. Akatuluka ofiira piriwiri kapena ndi zibuma zoundana, ndiye kuti mtsempha ukutulutsa magazi panthawi yomweyo, ndipo mphindi iliyonse ndi yofunika. Magazi osanzidwa amasiyana ndi otsokomoledwa: a m'mapapo amabwera ndi chifuwa, amakhala ndi thovu ndipo amasakanikirana ndi makhololo. Onsewa ndi ofunika chipatala, koma kuwauza adokotala kuti anasanza kapena anatsokomola kumawathandiza kudziwa koyambira kufufuza.

Kuchipatala ayamba ndi kubwezeretsa zomwe zatayika, asanafufuze gwero. Adzawaika singano zikuluzikulu za diripi, kawirikawiri ziwiri, n'kuyamba kuwapatsa madzi. Adzatenga magazi okayeza himogulobini, gulu la magazi, kuundana kwa magazi, komanso mmene impso ndi chiwindi zikugwirira ntchito. Adokotala akhoza kupima ndi chala kotulukira chimbudzi kuti aone okha mtundu wake. Akonzekeretseni bambo pa zimenezi, chifukwa achikulire ambiri amachita nazo manyazi, pomwe ndi kuyeza kwa kanthawi kochepa komwe kumathetsa mkangano wa chakudya ndi magazi pomwepo. Adzawabayanso mankhwala ochepetsa asidi monga omepurazolo, popeza magazi oundana pachilonda amasungunuka mosavuta m'asidi.

Pali msampha umodzi umene ndikufuna muudziwe. Himogulobini yoyamba ikhoza kuoneka yabwino. Munthu akamataya magazi mwadzidzidzi amataya zonse pamodzi, maselo ndi madzi ake omwe, ndiye kadontho kotsalako kamaoneka kokhuthala ngati kale. Pamatenga maola angapo, nthawi zina tsiku lathunthu kapena kupitirira, kuti madzi alowe m'mitsempha ndipo nambala yeniyeni ionekere. Bambo wathu woyerekeza uja akhoza kufika madzulo ali ndi himogulobini ya 11.5, mtima ukugunda ka 108, kuthamanga kwa magazi kuli 118 ndi 72, achibale n'kuyamba kufunsa zobwerera kunyumba. M'mawa mwake, atalandira diripi, himogulobini n'kupezeka ili pa 8. Sikuti diripi yawononga magazi, ndiponso sikuti nthawi zonse ndiye kuti atayanso ena usiku. Nambala yachiwiriyo ikungoulula zomwe zinatayika kale. N'chifukwa chake amayezanso kangapo, ndipo musapemphe kutuluka chifukwa cha zotsatira zoyamba.

Posankha woti agonekedwe, madokotala ambiri amagwiritsa ntchito kawerengedwe kotchedwa Glasgow-Blatchford, komwe kanasindikizidwa mu 2000. Kamapereka mapointi pa zinthu monga himogulobini, zinyalala za m'magazi zotchedwa yuriya, kugunda kwa mtima, kukomoka, ndi matenda a chiwindi kapena a mtima. Amene angaganiziridwe zobwerera kunyumba ndi wopeza 0 kapena 1 yekha. Chimbudzi chakuda pachokha ndi pointi imodzi, mtima wogunda ka 100 kapena kupitirira ndi ina. Bambo wa m'chitsanzo chathu wadutsa kale malire zotsatira za magazi zisanabwere, ndipo himogulobini ya 11.5 kwa mwamuna imawonjezera mapointi ena atatu. Tengani zofunda ndi zovala zosinthira, chifukwa akagona konko.

Musadabwe ngati sawaika magazi nthawi yomweyo. Kwa wodwala amene thupi lakhazikika, magazi amaikidwa himogulobini ikatsika pansi pa 7, kapena pansi pa 8 ngati ali ndi matenda a mtima. Kafukufuku wa ku Barcelona yemwe anasindikizidwa mu 2013 anapeza kuti odwala omwe anadikiridwa mpaka pa 7 anapulumuka ambiri, ndipo ochepa ndi amene anayambiranso kutaya magazi, poyerekeza ndi omwe anaikidwa magazi msanga. Lamuloli silikhudza munthu amene akusanza magazi ambiri ndipo thupi likulephera. Ameneyo amaikidwa magazi mosadikira nambala. Popeza bambo amamwa asipirini, auzeni adokotala chifukwa chake: kaya anadwalapo mtima, kaya sitiroko, kaya anangouzidwa kuti azimwa podziteteza. Yankho lake limasintha malire oikira magazi, limasinthanso tsiku loyambiranso asipiriniyo.

Kuyeza komwe kumapeza gwero ndi endosikope, kapaipi kofewa kokhala ndi kamera, kolowetsedwa kukamwa mpaka m'chifu ndi koyambira kwa matumbo. Cholinga chimakhala choti kuchitike pasanathe maola 24, wodwala atayamba wakhazikika. Amawapopera mankhwala ochititsa dzanzi pakhosi, nthawi zambiri n'kuwapatsanso ogonetsa pang'ono, ndipo kupuma sikutsekeka chifukwa kapaipiko kamadutsa njira ya chakudya. Kudzera m'kapaipi komweko dokotala amatha kubaya adirenalini, mankhwala ofinya mitsempha ya magazi, mozungulira chilonda, kenako n'kupana mtsemphawo ndi kachitsulo kakang'ono kapena kuuwotcha. Ngati chipatala chomwe mwafikira chilibe chipangizochi, musaone ngati mwapita pachabe. Diripi, magazi ndi mankhwala ochepetsa asidi ndi zimene zimasunga moyo m'maola oyamba, ndipo kuyenda ulendo wautali ndi wodwala amene sanaikidwe diripi n'koopsa kuposa kuyamba mwaima pachipatala chapafupi kuti iwo akutumizeni.

N'zoona kuti kwa odwala pafupifupi 8 mwa 10 aliwonse magazi a chilonda amasiya okha. Vuto n'lakuti muli kunyumba simungadziwe ngati bambo ali m'gulu limenelo, ndipo chilonda chomwe chasiya chikhoza kuyambiranso, makamaka m'maola 72 oyamba. Kutaya kwachiwiri kumapeza thupi litatha kale mphamvu zobisira.

Ndatsamira kwambiri pachilonda chifukwa mbiri ya bambo ikuloza kumeneko, koma adokotala adzafunsanso za chiwindi, ndipo muwayankhe mosabisa. Chiwindi chikauma chifukwa cha mowa wa zaka zambiri, matenda a chiwindi a mtundu wa B kapena C, kapena likodzo la m'matumbo lokhalitsa, magazi amalephera kudutsamo bwino. Amafuna njira zina, n'kutupitsa mitsempha ya kumunsi kwa njira ya chakudya. Mitsempha imeneyi ikaphulika munthu amasanza magazi ambiri mwadzidzidzi, ndipo chithandizo chake ndi china: mankhwala ochepetsa mphamvu ya magazi opita kuchiwindi, maantibayotiki, ndi kumanga mitsemphayo ndi timphira, makamaka pasanathe maola 12. Ngati bambo anatupapo mimba, anachitapo chikasu m'maso kapena amamwa mowa, nenani. Palinso kung'ambika kwa khoma la njira ya chakudya komwe kumabwera munthu akasanza mwamphamvu kangapo, ndiponso khansa ya m'chifu, yomwe timaiganizira kwambiri ngati munthu wakhala akuwonda kapena kukhuta msanga.

Akadzatuluka, chimbudzi chikhoza kukhalabe chakuda kwa masiku angapo pomwe magazi akale akumaliza kutuluka. Chizidzayera pang'onopang'ono ndi kuuma. Chikayambiranso kukhala chamadzimadzi ndi chapafupipafupi, kapena chizungulire chikabwerera, bwererani tsiku lomwelo. Ngati awapatsa mapiritsi a ayironi, mtundu wokha sudzakuthandizaninso, ndiye muzidalira kunanda, fungo ndi mphamvu za m'thupi.

Funsani ngati awayeza kachilombo ka m'chifu kotchedwa Helikobakita pailori. Madokotala awiri a ku Australia, Barry Marshall ndi Robin Warren, ndiwo anasonyeza kuti kachilomboka kamayambitsa zilonda za m'mimba, ndipo analandira mphoto ya Nobel mu 2005. Kakapezeka, amapatsidwa maantibayotiki osachepera awiri pamodzi ndi mankhwala ochepetsa asidi, kawirikawiri kwa masiku 14, n'kudzayezedwanso pakadutsa masabata anayi atamaliza kuti zitsimikizike kuti katha. Kuyeza kochitika panthawi imene munthu akutaya magazi nthawi zina kumaphonya kachilomboka, choncho zotsatira zonena kuti kulibe zimafunika kubwerezedwa pambuyo pake. Chilonda chikapezeka m'chifu mwenimwenimo, nthawi zambiri amaunikanso pakatha masabata 6 mpaka 8 kuti aone ngati chapola ndiponso kuti sichikubisa khansa. Tsiku limenelo asadzaliphonye ngakhale atamva bwino.

Za asipirini asagamule okha. Ngati anapatsidwa chifukwa anadwalapo mtima kapena sitiroko, kusiyiratu kuli ndi ngozi yake yayikulu, ndipo madokotala amawayambitsanso pakangopita masiku ochepa magazi atasiya, pamodzi ndi mankhwala oteteza chifu. Ngati ankangomwa podziteteza asanadwalepo, mwina adzauzidwa kuti asiye. Daikulofenaki, bulufeni ndi indometasini asadzamwenso pokhapokha adokotala odziwa za chilondachi atavomereza. Muziwerenga mapaketi, chifukwa mankhwala ambiri a mutu, chimfine ndi kuphwanya kwa thupi amakhala ndi asipirini kapena bulufeni mkati mwake. Mawondo aja adzapitirizabe kuwawa, ndipo mukapanda kupeza njira ina bambo adzabwerera ku mapiritsi omwewo mwakachetechete. Choncho musanatuluke m'chipatala pemphani adokotala akuuzeni chochita ndi mawondowo. Parasitamo, uja ambiri amati panado, sakumba chifu akamwedwa pa mlingo woyenera, ndipo palinso mankhwala opaka, masewera olimbitsa minofu ya m'ntchafu, ndi jakisoni wa m'bondo amene adokotala angaone ngati akuwayenera.